Nyimbo imodzi sachezera gule: momwe kanema mmodzi wamtali angabalire mauthenga ambiri osatopetsa

Uthenga wa azakhali unandipeza Lachinayi m'mawa pa WhatsApp. Unali waufupi: "Mwanawe, bambo a chipewa aja mwawaikanso? Ife tinawamva kale Lolemba."

Bambo a chipewawo anali mlangizi wa zaulimi amene ine ndi anzanga awiri tinacheza naye kwa mphindi 38 pansi pa mtengo wa mango, tikujambula kanema wa kasungidwe ka chimanga. Inali nyengo yokolola ndipo nkhaniyo inali pakamwa pa aliyense. Podziwa kuti ndi anthu ochepa amene angawononge bandulo yawo pa kanema wamtali chonchi, tinamuduladula m'zidutswa 14 monga mmene mayi amadulira mkate, kuyambira kumutu mpaka kumchira, n'kumaponya chimodzi tsiku lililonse pamasamba a mchezo.

Ndinafuna kuwatsutsa azakhali. Chidutswa cha Lolemba chinkakamba za kuyanika chimanga, cha Lachinayi chinkakamba za matumba. Koma nditaziika pafupi n'kuziyang'ana, ndinasowa chonena. Zonse zinkayamba ndi kanyimbo kamodzimodzi, chizindikiro chathu chikuzungulira, kenako nkhope yomweyo, chipewa chomwecho, mtengo womwewo. Mawu a pamwamba ankasiyana nambala yokha: gawo 1, gawo 4. Munthu amene akutsetsereza chala pafoni amagamula m'masekondi ochepa ngati aime kapena apitirire, ndipo m'masekondi amenewo tinkamuonetsa chinthu chimodzi masiku onse.

Apa m'pamene pali phunziro lonse la ntchitoyi. Owonerera sadandaula kuti mauthenga anu achokera m'kanema mmodzi, ndipo ambiri sadziwa n'komwe. Chimene chimawatopetsa ndi kuyankhidwa funso limodzi kambirimbiri, kapena kulandira mayankho osiyana atavala malaya ofanana.

Mpeni sudziwa nkhani

Kugwiritsa ntchito chinthu chimodzi chachitali kuti chibale tizinthu tambiri si nzeru yachilendo. Mu 2018 katswiri wa zamalonda wa ku America, Gary Vaynerchuk, anatulutsa chikalata chosonyeza momwe gulu lake linatengera zimene iye anayankhula pamsonkhano umodzi n'kupangamo mauthenga opitirira 30. Ambiri amene anamva za njirayi anagwira nambalayo n'kusiya ntchito yosankha imene inali kuseri kwake. Ifenso tinagwa m'mbuna yomweyo: tinadula potsata wotchi, osati potsata nkhani.

Vuto la kudula potsata wotchi ndi lakuti munthu akamacheza sayankhula m'magawo ofanana. Amayamba mfundo, n'kupatuka, n'kudzaimaliza patapita mphindi khumi. Mfundo imene amaikonda amaibwereza katatu. Pena amathera mphindi zinayi akupereka moni ndi kuthokoza amfumu. Mpeni ukangodutsa pa mphindi zitatu zilizonse, zidutswa zina zimatuluka zopanda mutu, zina zopanda miyendo, ndipo zina zimakhala mapasa.

Titasiya kuponya, tinayambanso ntchitoyo ndi cholembera ndi kope, osati ndi pulogalamu yodulira makanema. Tinaonera kanema yense kawiri. Ulendo woyamba tinangomvetsera. Ulendo wachiwiri tinkaimitsa paliponse pamene mlangizi wanena chinthu choti mlimi akhoza kuchichita, kuchikana kapena kuchifotokozera mnzake, n'kulemba mphindi imene chayambira ndi imene chathera. Pambali pake tinkalemba funso limodzi limene malowo akuyankha, m'mawu amene mlimi angafunsire. Osati "za chinyezi", koma "Ndingadziwe bwanji kuti chimanga changa chauma mokwanira?" Osati "za matumba", koma "N'chifukwa chiyani thumba ili silifuna mankhwala?"

Tinapeza malo 23. Apa m'pamene mtima umafuna kukondwa kuti tapeza zoponya za milungu itatu, tsiku ndi tsiku. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Malo 23 si mauthenga 23.

Kupeta kawiri

Kupeta koyamba kunali kofunsa ngati malowo angaime paokha. Munthu amene wakumana ndi chidutswa chanu pa Facebook sanaone zimene zinatsogola, ndipo mwina sadzaziona. Chidutswa chikayamba ndi "monga ndanena kale" kapena "chachiwiri n'chakuti", kapena chikamatchula "mankhwala aja" amene anatchulidwa dzina mphindi zisanu zapitazo, chimamusiya m'malere. Zina zoterezi zimachiritsika ndi mzere umodzi wolembedwa pasikirini. Zimene zinkafuna mizere itatu yofotokozera tisanafike pa mfundo tinazitaya. Zinatayika zisanu ndi zitatu, n'kutsala 15.

Kupeta kwachiwiri ndi kumene kumachotsa kubwereza, ndipo n'kumene ambiri amakulumpha. Tinawerenga mafunso 15 aja mokweza, n'kuika pamodzi onse amene yankho lake ndi limodzi. Mlangizi anakamba za kuyanika pa mphindi 6, pa mphindi 19 ndi pa mphindi 33, mawu osiyana koma langizo limodzi: musaike chimanga chachinyezi m'thumba. Pamalo atatuwo tinasankha amodzi, a pa mphindi 19, chifukwa m'pamene anayankhula mosazungulira. Chimodzimodzi ndi nkhani ya nankafumbwe ndi ya malo oika matumba. Kupeta kumeneku kunachotsa zina zisanu ndi chimodzi.

Tinatsala ndi mafunso asanu ndi anayi, lililonse ndi yankho lake. Chimenechi ndicho chinali chuma chenicheni cha kanema wathu wa mphindi 38. Nambala ya mauthenga simaisankha musanayambe. Imatuluka m'kanemayo, ndipo kanema wina wa ola lathunthu akhoza kungokupatsani anayi.

Chimanga chimodzi, zakudya zambiri

Mafunso osiyana paokha sakwanira, pakuti ngakhale zidutswa zathu zoyamba zija zinali ndi mfundo zosiyana. Chotsatira ndi kupatsa funso lililonse maonekedwe oyenerana nalo. Pakhomo chimanga chimodzi chimatuluka nsima, phala, thobwa ndi chigumu, ndipo palibe mwana amene amadandaula kuti akudya chinthu chimodzi. Kusiyana kwake kuli pa kaphikidwe.

Funso la chinyezi linali lofunika maso. Mlangizi anatenga botolo louma lagalasi, n'kuikamo chimanga ndi mchere wouma, n'kutseka, n'kukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga chikadali ndi chinyezi ndipo chibwerere padzuwa. Ukapanda kumamatira, chauma. Pamenepa nkhope ya mlangizi sinkafunika. Tinapanga kanema wa masekondi 40 woonetsa manja ndi botolo basi, ndipo chithunzi choyamba chinali mchere ukutsanulidwa. Moni ndi kanyimbo tinazichotsa.

Funso la thumba la PICS linali lofunika kuwerenga mofatsa. Thumbali, limene linapangidwa ndi akatswiri a pasukulu ya ukachenjede ya Purdue ku America, lili ndi zigawo zitatu: mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Chigawo chilichonse chimamangidwa pachokha, ndipo mpweya ukatha m'katimo tizilombo timafa popanda mankhwala. Izi ndi ndondomeko imene munthu amafuna kubwerera n'kuionanso ali ndi thumba m'manja, choncho sitinapange kanema ayi. Tinatenga zithunzi zisanu, chilichonse ndi mzere umodzi: kuyang'ana ngati pulasitiki yabooka, kuthira chimanga, kufinya mpweya n'kumanga pulasitiki yoyamba, kumanga yachiwiri, kumanga saka. Zithunzi zili ndi ubwino wina kwa anthu athu: sizidya bandulo ngati kanema, ndipo zimayenda mosavuta m'magulu a WhatsApp.

Pa mphindi 27 mlangizi anasimba za banja lina limene linasanja matumba pasimenti, mogundana ndi khoma, n'kudzapeza a pansi atachita chuku. Iyi inali nthano, ndipo nthano imafuna mawu a mwini wake. Apa pokha m'pamene tinalola nkhope ndi chipewa chija kuonekera kwa mphindi imodzi yathunthu. Chifukwa choti anthu anali asanazione kwa masiku angapo, sizinawatopetse.

Zina tinazisandutsa zolemba zokhazokha. Chimodzi chinali funso kwa owerenga, lofunsa chimene iwo amaika pansi pa matumba awo, ndipo yankho la mlangizi tinaliponya tsiku lotsatira. China chinali chikhulupiriro chofala chimene iye anachitsutsa, cholembedwa m'mizere inayi. Pomaliza, pa mauthenga asanu ndi anayi aja, anayi okha ndiwo anali makanema. Awiri anali zithunzi zotsatizana, awiri zolemba, ndipo umodzi unali mawu okha oti munthu amvetsere ngati wailesi.

Khomo lolowera

Ngakhale makanema anayi aja akanatha kufanana tikanapanda kusamala chiyambi chake. Lamulo limene tinadziikira linali lakuti asapezeke awiri oyamba ndi chithunzi chofanana kapena chiganizo chomangidwa mofanana. Wina anayamba ndi ntchito ikuchitika. Wina anayamba ndi funso lolembedwa pasikirini. Wachitatu anayamba pakati pa nthano, pamene mwini nyumba akutsegula thumba. Wachinayi anayamba ndi nankafumbwe akuyenda pachikhatho. Chizindikiro chathu tinachichepetsa n'kuchiika pakona. Chimene chiyenera kufanana m'mauthenga onse ndi chodziwitsa kuti ndi anu, monga mtundu wa zilembo. Chimene chiyenera kusiyana ndi chimene diso limayamba kugwera.

Apa tinakumana ndi vuto limene limayambira tsiku lojambula. Kanema wamtali amajambulidwa chopingasa, pa muyeso wa 16:9, pamene TikTok, Reels ndi Shorts zimafuna choimirira, pa 9:16. Mukatenga chithunzi cha 1920 m'lifupi ndi 1080 m'litali n'kuchidula kuti chiimirire, m'lifupi mumangotsala pafupifupi 608. Zigawo ziwiri mwa zitatu zimatayika. Ngati anthu awiri anakhala motalikirana, mmodzi amasowa. Ngati botolo linali m'mphepete, limasowanso. Pa foni kudulaku ambiri amakuchita ndi CapCut, ndipo pa kompyuta lamulo limodzi la ffmpeg limadula nthawi ndi muyeso nthawi imodzi:

```
ffmpeg -ss 00:19:10 -to 00:19:50 -i kanema.mp4 -vf "crop=ih*9/16:ih,scale=1080:1920" chidutswa.mp4
```

Lamuloli limatenga pakati penipeni pa chithunzi, choncho limathandiza pokhapo pamene chofunikacho chili pakati. Botolo lathu silinali pakati, ndipo tinachita kubwerera kumudzi kukajambulanso manja okha. Kuyambira pamenepo, tikamajambula kanema wamtali timaimika foni yachiwiri choimirira, ndipo kucheza kukatha timathera mphindi khumi tikujambula zinthu pafupi: manja, zida, mbewu, malo. Timphindi khumi timeneto ndi timene timapereka makomo osiyanasiyana olowera.

Liti, ndipo kuti

Mauthenga asanu ndi anayi tinawagawa m'milungu itatu, atatu pamlungu. Sitinatsate dongosolo la m'kanema koma dongosolo la ntchito ya mlimi: kuyanika, kuyesa chinyezi, kuika m'thumba, kusanja matumba, kenako kuyendera nkhokwe. Tinaonetsetsanso kuti mitundu iwiri yofanana isatsatizane. Pambuyo pa kanema pazibwera zithunzi kapena zolemba.

Pali kubwereza kwina kumene mwini tsamba sakuona. Azakhali anga ali pa WhatsApp ndi pa Facebook pomwe. Ndikaponya chidutswa chimodzi m'malo onse tsiku limodzi, kwa ine ndi uthenga umodzi koma kwa iwo ndi uwiri. Mankhwala ake si kuleka kugwiritsa ntchito masamba angapo, koma kusinthanitsa masiku ndi kulemba mawu a pamwamba mwatsopano malo alionse. Status ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, choncho imayenera chinthu cha lero, monga funso lija lopita kwa owerenga. Zithunzi za ndondomeko zimayenera malo amene munthu angazipezenso mwezi wamawa.

Eni masambawa nawonso ali ndi malamulo awo pa nkhaniyi. Mu 2021 Instagram inanena kuti makanema okhala ndi chizindikiro cha tsamba lina sidzawaonetsa kwa anthu ambiri. N'chifukwa chake si bwino kukopera kanema wanu ku TikTok ali ndi chizindikiro chake n'kukamuponya kwina. Sungani woyera amene anatuluka m'pulogalamu yodulira, n'kumuponya malo alionse payekha. YouTube nayo ili ndi lamulo loti tsamba lodzaza ndi makanema ongofanana, opangidwa mwa chikombole chimodzi, silingalandire ndalama za malonda. Mu Julaye 2025 inasintha dzina la lamuloli pofuna kulimveketsa bwino. Ndipo ngakhale kuti kuyambira mu Okutobala 2024 kanema wa Shorts akhoza kufika mphindi zitatu, malire amenewa si chiyeso choti mukwaniritse. Yankho likatha pa masekondi 40, kanemayo athere pomwepo.

Ikakhala nkhani yolembedwa

Njira yomweyi imagwira ntchito pa nkhani yaitali ya m'nyuzipepala kapena lipoti. Msampha wake ndi kukopera ndime imodzi imodzi n'kumaiponya momwe ilili. Ndime ya m'kati mwa nkhani imatsamira pa inzake. Imayamba ndi "choncho" kapena "komabe", ndipo imatchula "iye" amene dzina lake lili ndime zitatu kumbuyo. Ikatuluka yokha imayenda motsimphina.

Werengani nkhaniyo ndi cholembera, lembani funso limene ndime iliyonse ikuyankha, petani kawiri monga tachitira, kenako tsekani nkhaniyo n'kulemba uthenga uliwonse mwatsopano ngati mukuuza mnzanu pabasi. Mukatero bwererani ku nkhani ija kukatsimikiza manambala ndi mayina. Pa X, pamene munthu wamba amaloledwa zilembo 280 zokha, mawu athu a Chichewa, amene ambiri ndi aatali, salola mfundo ziwiri mu uthenga umodzi. Malirewo amakuthandizani kusankha. Samalaninso ndi mutu wa nkhani. Mukauika pamwamba pa uthenga uliwonse pamodzi ndi chithunzi chake chimodzi chija, mwabwezeretsa bambo a chipewa aja.

Pamene mpeni umanama

Choopsa kuposa kutopetsa anthu ndi kuwasocheretsa. Mlangizi wathu ananena kuti amene akugwiritsa ntchito thumba la PICS safunika kuthira mankhwala, koma amene akusunga m'masaka wamba athire potsata malangizo olembedwa pa paketi. M'chidutswa china cha ulendo woyamba mpeni unagwera pakati pa chiganizochi, n'kutsala mawu akuti safunika kuthira mankhwala. Mlimi wa masaka wamba akanamvera zimenezo akanataya chimanga chake, ndipo mlandu ukanagwera mlangizi amene sanalakwe kanthu.

Choncho chidutswa chilichonse chisanatuluke, fufuzani m'kanema wamtali mawu monga "ngati", "koma", "pokhapokha" ndi "kupatula" amene ali pafupi ndi pamene mwadula. Ngati alipo, alowe m'chidutswacho. Ngati sakukwana, chidutswacho chisatuluke. Ndi ulemunso kumuonetsa mwini mawu zidutswazo. Iye anavomera kucheza kwa mphindi 38, ndipo sanadziwe kuti masekondi 40 a mawu ake adzayenda okha m'mafoni a anthu. Pomaliza, patulani zimene zimatha ndi nthawi. Mtengo wa thumba umene unatchulidwa m'mwezi wa Juni sungaponyedwe mu Novembala ngati kuti ndi wa lero, pamene kuyesa chinyezi ndi mchere kukhoza kubweranso chaka chamawa nyengo yokolola.

Mudziwa bwanji kuti mwayamba kubwereza?

Pali mayeso atatu amene safuna ndalama. Oyamba ndi a maso: ikani zithunzi zoyamba za mauthenga onse pasikirini imodzi, n'kuitalikitsa foni mpaka zilembo zisawerengeke. Ziwiri zikafanana, sinthani chimodzi. Achiwiri ndi a khutu: werengani mokweza ziganizo zoyamba zokha, chimodzi pambuyo pa chinzake. Mukamva "Kodi mukudziwa kuti" katatu, owerenga anu anamva kale. Achitatu ndi a munthu wina: mupatseni mnzanu amene sanaone kanema wamtali mauthenga awiri, anene chimene waphunzira pa uliwonse. Akanena chinthu chimodzi kawiri, umodzi ndi wosafunika.

Mauthenga akatuluka, masambawo amakupatsani chizindikiro china. YouTube Studio ndi TikTok zimaonetsa mzere wosonyeza pamene anthu amasiyira kuonera. Mzerewo ukagwa m'masekondi oyambirira, vuto lili pakhomo lolowera, ndipo kawirikawiri anthu aganiza kuti anaona kale kapena mwachedwa kufika pa nkhani. Ukagwa pakati, ndiye kuti yankho linatha koma inu munapitiriza kuyankhula.

Kukonzanso kanema wathu uja kunatitengera masiku awiri athunthu a ntchito, ndipo theka la nthawiyo linathera pa kope, tisanakhudze pulogalamu yodulira. Mauthenga anachepa kuchoka pa 14 kufika pa asanu ndi anayi. Azakhali sanatumizenso dandaulo. Mlungu wachiwiri anangofunsa ngati botolo la pulasitiki lingagwire ntchito m'malo mwa lagalasi, ndipo funsolo tinapita nalo kwa mlangizi.

Inu amene muli ndi kanema wamtali m'foni, kaya ndi ulaliki, phunziro, msonkhano kapena kucheza ndi katswiri, musayambe ndi kufunsa kuti mudulemo zidutswa zingati. Tengani kope, lembani mafunso amene kanemayo akuyankha, fufutani obwereza, ndipo muwerenge otsalawo. Nambala imeneyo ndiyo ya mauthenga anu.